Nkhope ikuda bii pa Zoom, ndigule kamera yanji Lachinayi lisanafike?

NyaChirwa wa ku Chibavi: Akuluakulu a pa gulu pano, ndithandizeni. Lachinayi likudzali 3 koloko masana ndili ndi intavyu ya ntchito pa Zoom. Dzulo ndinayeserera ndi mng'ono wanga wa ku Lilongwe, akuti akungoona mano ndi bulauzi basi, nkhope ili bii ngati ndakhala m'nkhokwe. Laputopu yanga ndi yakale, ndinagula yogwirapo kale ntchito. Ndigule kamera yanji yolumikiza ndi waya ija? Ndalama ndili nazo pang'ono, za lendi sindikufuna kukhudza.

Dalitso wa mafoni: Asisi, musavutike. Makamera a m'malaputopu akale ndi achabechabe onse. Pezani yolembedwa 1080p pa katoni, kapena 4K kumene. Muwonjezere nyali yozungulira ija ya a TikTok, basi mwamaliza.

Mdala Phiri: Mwana wanga, ine ndinaikitsa anayi pagolosale yanga ku Zolozolo, amaona ngakhale usiku. Munthu akangodutsa pageti ndimamuona pafoni. Ndikupatse nambala ya mnyamata anandiikirayo?

NyaChirwa wa ku Chibavi: Zikomo adada, koma si yogwirira akuba ayi. Ndi yoti mabwana andione nkhope pocheza nawo pa kompyuta.

Mdala Phiri: Oho. Ndiye zanu za masiku anozo. Ndikhala ndikuwerenga.

Bambo a Wongani: Achemwali, musanatulutse ndi kwacha imodzi yomwe, tiyambe tapeza pomwe pali vuto. Ine ntchito yanga ndi yojambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Luwinga, ndipo zomwe mwafotokozazi ndimakumana nazo Loweruka lililonse mkwatibwi akaima pakhomo la tchalitchi kunja kukuwala.

Zimitsani intaneti. Pa Windows dinani Start, lembani Camera, tsegulani. Chomwe mukuona pamenepo ndi chomwe kamera yanu ikuona, netiweki isanalowererepo. Ngati mukuoneka bwino apo koma anzanu akuti simukuoneka, vuto ndi netiweki ndipo kugula kamera n'kutaya ndalama. Ngati mwada pomwepo, ndiye tikambirane za chipinda. Poyamba pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa chala chimene timatsegulira laputopu chimagwira pomwepo tsiku ndi tsiku, ndipo mafuta ake amachititsa chithunzi kuoneka ngati chifunga cha m'mawa.

Kenako ndiuzeni: zenera lili kuti mukakhala pansi? Babu lili kuti? Laputopu mumaika pa chiyani?

NyaChirwa wa ku Chibavi: Ndachita. Kupukutako kwathandiza pang'ono, koma kuda kulipobe ngakhale popanda intaneti. Zenera ndi limodzi, lili kumbuyo kwanga. Ndinakhala dala choncho kuti katani wanga wokongola azioneka, kusiyana ndi khoma lopanda kanthu. Babu lili pakati pa denga, nalonso lili chakumbuyo pang'ono. Laputopu ili pa katebulo ka pabalaza kafupi kaja, ine pa sofa.

Bambo a Wongani: Ndiye matenda tawapeza, ndipo mankhwala ake muli nawo m'nyumbamo.

Kamera sidziwa kuti chofunika ndi nkhope yanu. Imayang'ana chithunzi chonse n'kudzisankhira yokha kuti ilowetse kuwala kochuluka bwanji. Ikaona zenera lowala kumbuyo, imachita zomwe maso athu amachita tikatuluka panja masana: imatsinzina. Zenera limaoneka bwino, inu mumasanduka chithunzithunzi. Kwa ife akhungu lakuda zimenezi zimakula msanga, chifukwa kusiyana kwa nkhope ndi zenera kumakhala kwakukulu kwambiri. Bulauzi yoyera nayo imainamiza kamera chimodzimodzi. Mungagule kamera yodula bwanji, ikaikidwa pamalo omwewo idzatsinzinanso.

Tembenukani. Zenera likhale kutsogolo kwanu, laputopu ikhale pakati pa inu ndi zenera, inu mutalikire zeneralo ngati mita imodzi. Kumbuyo kwanu kukhale khoma lija mukulinyozali. Musalitsamire, siyani mpata wa sitepe imodzi kapena ziwiri kuti mthunzi wanu usamatirire pakhomapo. Tsegulaninso Camera muone.

NyaChirwa wa ku Chibavi: Mayo ine! Ndine amene! Mpaka ndolo zikuoneka. Koma tsopano ndikuoneka ngati ndikusuzumira m'chitsime, mphuno zokhazokha ndi malata a denga.

Bambo a Wongani: Katebulo kaja ndiye kakukuchitani zimenezo. Kamera ili m'munsi, mwapendeketsa sikirini chagada kuti ikupezeni, ndiye ikujambula chibwano, mphuno ndi denga. Chokani pa sofa, khalani pampando wa tebulo lodyera. Pansi pa laputopu sanjikizani mabuku kapena katoni yolimba mpaka diso la kamera lifanane ndi maso anu. Pa tebulo wamba zimafuna masentimita 15 mpaka 20, malinga ndi msinkhu wanu. Sikirini iime chilili, isagone chagada. Muyezo wake ndi wosavuta: ngati denga likuoneka pachithunzi, kamera ikadali pansi.

Kutalika kwake, tambasulani dzanja, nsonga za zala zikhudze sikirini. Mukayandikira kuposa apo mphuno imakula, chifukwa timakamera iti timaona mbali yaikulu ndipo chilichonse chapafupi timachikuza. Pachithunzi muoneke kuyambira pachifuwa, pamwamba pa mutu patsale kampata ka zala ziwiri kapena zitatu. Ndipo poyankha mafunso muziyang'ana kadiso ka kamera, osati nkhope yanu pa sikirini. Ena amamata kapepala pambali pa kadisoko kuti aziwakumbutsa.

Dalitso wa mafoni: Chabwino akulu, za zenerazo ndavomera. Koma musandiuze kuti kamera ilibe ntchito. 720p ndi 1080p si zofanana, manambala sanama. Yoyamba ndi timadontho 1280 kwa 720, inayo 1920 kwa 1080. Ndi kuwirikiza kawiri n'kupitirira.

Bambo a Wongani: Masamuwo mwakhoza amwene, ndipo kamera yabwino ndi yabwino ndithu. Koma pali ziwiri. Choyamba, chithunzi chomwe chimafika kwa mnzanu si chomwe chalembedwa pa katoni. Mapulogalamu ochezera amachifinya kuti chidutse pa netiweki, nthawi zambiri sichipitirira 720p, ndipo netiweki ikafooka kapena anthu akachuluka chimatsika mpaka 360p. Pa Google Meet mutha kudzionera nokha mu Settings, pa Video, pali Send resolution (maximum). A Zoom eni ake amati kucheza kwa anthu awiri pa 720p kumafuna 1.2 Mbps, pomwe 1080p imafuna kuposa 3 Mbps. Ndani wa ife amene bandulo yake imakankha zimenezo mosadukiza 3 koloko masana?

Chachiwiri, katoni imanama. Ndinagulapo kamodzi kakamera kotchipa kolembedwa 4K, malo ake sinditchula. Kufika nako kunyumba, chithunzi chinali chachikulu inde, koma chofewa ngati phala, chifukwa mkati munali kachipangizo kakang'ono ndipo chithunzicho ankangochikoka kuti chikwane manambalawo. Laputopu yanga yakale inkaposa.

Dalitso wa mafoni: Apo pokha n'zoona, zoterozo zimabwera zambiri. Koma zenizeni ziliponso. Logitech C920 ija palibe angaitsutse.

Bambo a Wongani: Sindikuitsutsa. C920 ndi 1080p, zithunzi 30 pa sekondi, ndipo imadzifunira yokha pomwe pali nkhope kuti paoneke mwakuthwa. Mng'ono wake C270 ndi 720p, saisuntha diso, anaikhazikitsiratu. Kwa munthu wa ndalama zochepa amene amangokhala pampando n'kumalankhula, C270 yeniyeni m'chipinda chowala bwino imakwanira. Kusasuntha disoko nthawi zina ndi mwayi, chifukwa zodzifunira zokha zija kukachita kamdima zimayamba kusakasaka, nkhope kuoneka bwino, kenako mbuu, kenako bwino. C270 imaonanso mbali yochepa ya chipinda kuposa C920, ndiye mapoto ndi zovala zopachika sizilowa nawo.

Koma kwa achemwaliwa, ndi masiku atatu atsalawa, ine ndikuti asagule. Amene akugula, apite ndi laputopu yake kusitolo, alumikize pomwepo, atsegule Camera, aike nyuzipepala patsogolo pake pa mtunda wa dzanja. Mitu ya nkhani iwerengeke bwinobwino kuposa momwe ikuwerengekera pa kamera ya laputopu. Wogulitsa akakana kuyesa, bwererani ndi ndalama zanu.

Madamu a Sitandade 7: Pepani ndilowerere ndi langa. Ine ndimaphunzira pa intaneti madzulo ndikaweruka. Kamera ndinagula kale, koma pachithunzi pamadutsa mizere yakuda yopingasa, ikuyenda pang'onopang'ono ngati mafunde a ku Nkhata Bay. Masana kulibe. Ndiye kuti yapsa? Chinanso, ndimavala magalasi, ndipo nyali yozungulira imene Dalitso akuitamayo ndili nayo, anzanga amati m'maso mwanga mukuoneka mawilo awiri oyera.

Wa ku Mzuni: Madamu, siinapse. Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndiye mababu ambiri, makamaka otchipa ndi machubu aatali aja, amaphethira ka 100 pa sekondi. Maso saona koma kamera imaona. Makamera ambiri amabwera atatcheredwa 60 Hz ya ku Amerika, ndiye sagwirizana ndi babu lanu. Masana kulibe chifukwa dzuwa siliphethira. Pa Windows tsegulani Camera, pitani ku Settings, pezani Flicker reduction, sankhani 50 Hz. Ine ndili pa Linux ndimangolemba izi:

```
v4l2-ctl -d /dev/video0 --set-ctrl=power_line_frequency=1
```

1 ameneyo ndiye 50 Hz, 2 ndi 60 Hz.

Madamu a Sitandade 7: Za Linux zo zikhale zanu mwanawe. Ndasintha mu Camera, mizere yatha momwemo. Koma nditatsegula Zoom yabwereranso, ngakhale yachepa.

Wa ku Mzuni: Hmm. Kwa mnzanga zinagwira konse. Mwina kamera yanuyo ikuiwala mukatseka pulogalamu. Yesani pulogalamu ya kampani yomwe inapanga kamerayo, kapena pulogalamu yojambulira yotchedwa OBS, mmenemo muli batani la Configure Video pomwe pali PowerLine Frequency.

Bambo a Wongani: Yesani zimenezo, koma ine ndikukayikiranso babulo. Njira yachidule yodziwira: zimitsani babu la m'chipinda, yatsani nyali yanu yozungulira yokha italumikizidwa ku pawabanki. Mizere ikatha, wolakwa ndi babu, sinthani ndi la mtundu wina. Nyali za batire sizitsatira kuphethira kwa magetsi a m'nyumba, ngakhale zina mukazichepetsa kuwala zimayamba kuphethira mwa njira yawoyawo, ndiye muziyesa zili pa mphamvu yonse.

Za mawilo m'magalasi, galasi ndi kalilole. Nyali ikakhala pomwe pali kamera, kuwala kumagunda galasi n'kubwerera molunjika m'kamera momwemo. Isunthireni pambali ndipo muikweze ipitirire mutu wanu, kuwala kukabwerera kuzipita pansi. Kapena itembenuzeni iwalitse khoma la kutsogolo kwanu ngati ndi loyera, khomalo ndilo likuwalitseni. Chepetsaninso kuwala kwa sikirini, chifukwa tsamba loyera la Word limaonekanso m'magalasi ngati kabokosi.

Dalitso wa mafoni: Ndiye nyali yanga mwaipha nayonso?

Bambo a Wongani: Ayi, ndi nyali ndithu, ndipo ubwino wake imayaka ndi pawabanki magetsi akathima. Kungoti amene alibe asaganize kuti popanda iyo palibe chithunzi.

NyaChirwa wa ku Chibavi: Tibwerere kwa ine abale, tsiku likuyandikira. Lero 3 koloko ndinakhala pamalo paja kuti ndione momwe zidzakhalire. Dzuwa linalowa pazenera n'kundimenya kumaso, mbali imodzi yoyera mbee, ina yakuda, maso osatsegulika. Patangopita mphindi khumi kunabwera mitambo, kenako kamvula kathu kaja, chipinda chonse mdima, chithunzi chinayamba kuoneka ngati chathiridwa mchenga ndipo ndikagwedeza dzanja likusiya mchira.

Bambo a Wongani: Mwachita bwino kuyesa pa ola lenilenilo, ambiri amayesa m'mawa n'kudzadabwa masana. Ndiye kuti zenera lanu layang'ana chakumadzulo. Dzuwa lolunjika ndi loipa ngati mdima womwe. Pachikani nsalu yoyera yopyapyala pazenerapo, shiti ya pabedi kapena katani wa neti mutamupinda kawiri. Isakhale chitenje cha maluwa, nkhope idzatenga mtundu wa chitenjecho. Nsaluyo imamwaza kuwala kuti kufike kofewa mbali zonse. Kwa ena amene muli ndi mazenera angapo, miyezi ino ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye zenera loyang'ana kummwera limapereka kuwala kofatsa tsiku lonse.

Mchenga munauonawo ndi kamera ikuvutika ndi njala ya kuwala. Kukada imachita ziwiri. Imakokera mphamvu ya chithunzi m'mwamba, monga momwe timakwezera wailesi siteshoni ikamamveka patali, mawu amakwera limodzi ndi phokoso lake. Imachedwetsanso kujambula chithunzi chilichonse kuti kuwala kulowe kokwanira, ndiye m'malo mwa zithunzi 30 pa sekondi mwina ikujambula theka lake, n'chifukwa chake dzanja likusiya mchira. Choipa china, mchenga umenewo umasinthasintha nthawi zonse, pulogalamu imayesa kuutumiza ngati ndi mbali ya chithunzi, ndiye kanetiweki kochepa komwe muli nako kamathera pa mchenga m'malo mwa nkhope. Anthu amatukwana netiweki pomwe theka la mlandu ndi la mdima.

Poti nyengo ya Mzuzu sitingapangane nayo, musadalire zenera lokha. Gulani babu la LED la mawati 9, limatulutsa kuwala kwa malumeni pafupifupi 800. Pakatoni payenera kulembedwa 6500K kapena Cool Daylight, ndilo loyera lofanana ndi kuwala kwa masana. Lachikasu lolembedwa 2700K kapena 3000K ndi labwino palokha usiku, koma mukaliphatikiza ndi zenera kamera imasokonezeka, tsaya lina limaoneka lachikasu lina lobiriwira ngati mtambo. Pa chifukwa chomwecho, ngati babu la kudenga ndi lachikasu, lizimitseni.

NyaChirwa wa ku Chibavi: Nanga babulo ndiliika pati? Ndilibe nyali ya patebulo.

Bambo a Wongani: Holida ya babu yokhala ndi waya ndi pulagi, a zamagetsi mumsika amakulumikizirani, musalumikize nokha ngati simunazolowere. Kapena ndikubwerekeni yanga. Imangirireni pa chitsulo cha zenera kapena pa msomali, chakumbali kwa laputopu osati kumbuyo kwake kwenikweni, pamwamba pang'ono pa mutu wanu, mita imodzi kuchokera pankhope. Mtundawu ndi wofunika kuposa kukula kwa babu. Mukalitalikitsa kufika mamita awiri, kuwala kofika pankhope sikutsika ndi theka ayi, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake babu la kudenga silithandiza ngakhale likhale lamphamvu, komanso limachokera pamwamba n'kusiya maenje akuda m'maso.

Babu lamaliseche limabaya m'maso ndipo limawalitsa chipumi ngati mwadzola mafuta ophikira. Lendeweretsani pepala loyera patsogolo pake, motalikira ngati chikhatho chimodzi, lisakhudze babu. Mbali ina ya nkhope ikada kwambiri, imikani katoni yomatidwa mapepala oyera mbali imeneyo, kunja kwa chithunzi, izibweza kuwala. Ife pa ukwati timagwiritsa ntchito chinthu chomwecho, kungoti chathu n'chogula.

Ndipo bulauzi yoyera ija isiyeni. Valani ya mtundu umodzi wapakatikati, yopanda timizere ting'onoting'ono, timeneto timavina pa kamera.

Mdala Phiri: Ine ndimaona ngati mukuchulutsa gaga m'diwa. Mwanayu ali ndi foni. Mdzukulu wanga wa ku Joni ndimamuona bwinobwino pafoni popanda mapepala ndi makatoni.

Dalitso wa mafoni: Madala anena zoona apa! Kamera ya foni, ngakhale yapakatikati, imaposa ya laputopu yakale kutalitali. Asisi ikani DroidCam kapena Iriun, foni isanduke kamera ya laputopu.

Wa ku Mzuni: Zimagwira, koma pa intavyu ine sindingayerekeze. Ndi zinthu ziwiri zoti zilumikizane, china chikadula mumayamba kulimbana ndi mawaya mabwana akudikira. Ngati mukufuna foni, lowani Zoom pafoni pomwepo, muigoneke chopingasa, muitsamiritse pamabuku pa msinkhu wa maso, chaja ili momwemo. Musaigwire m'manja. Vuto lake wina akakuimbirani pakati pa intavyu, komanso akakuonetsani chikalata pa sikirini zilembo zimachepa.

Dalitso wa mafoni: Ndi waya wa USB sizidula amwene, ine ndimachita daily... pepani, tsiku lililonse.

Wa ku Mzuni: Inu mumakonza mafoni. Asisiwa akhala koyamba.

Bambo a Wongani: Apa sindiweruza, onse muli ndi mfundo. Ine ndikanakhala iwo ndikanatsala pa laputopu poti yayamba kale kuoneka bwino, foni ikhale pambali itatsegulidwa Zoom ngati chothawirapo. Foni nayo mukaiika zenera lili kumbuyo, nkhope idzada ndithu, ngakhale pang'ono kusiyana ndi laputopu.

NyaChirwa wa ku Chibavi: Ndabwera ndi lipoti. Babu ndagula, holida ndakatenga kwa Bambo a Wongani, shiti ili pazenera, laputopu yakwera pa mabuku anayi ndi katoni ya sopo. Ndavala diresi yobiriwira. Mng'ono wanga anafunsa ngati ndagula laputopu ina. Mu Zoom ndapeza Adjust for low light, ndichonge?

Bambo a Wongani: Yesani muone, koma ndi kuwala muli nakoku sikufunika. Iko kamangokweza chithunzi pamodzi ndi mchenga wake, ndi kothandiza pokhapokha mwasowa pogwira. Touch up my appearance mukaikweza kwambiri nkhope imaoneka ngati ya chidole, ikani pang'ono kapena ayi. Zobisa kumbuyo zija musayatse, laputopu yakale imalemedwa nazo ndipo zimadya tsitsi ndi makutu m'mbali.

NyaChirwa wa ku Chibavi: Nanga magetsi akathima nthawi yomweyo kunja kuli mitambo?

Madamu a Sitandade 7: Bwerani mudzatenge nyali yanga yozungulira ndi pawabanki Lachitatu madzulo, ndili ku Chiputula. Inu simuvala magalasi, mawilo sakukhudzani. Ine ndikadalimbana ndi mizere yanga, babu ndasintha koma dzulo inaonekanso pang'ono.

Wa ku Mzuni: Madamu, pakhonde kapena m'chipinda choyandikana mulibe chubu chachitali chomwe kuwala kwake kukulowa?

Madamu a Sitandade 7: Chilipo cha pakhonde, chimayaka usiku wonse chifukwa cha akuba. Ndiyesa kutseka katani lero.

Bambo a Wongani: Achemwali a ku Chibavi, mukatenga nyaliyo muiyese pamalo pomwe pali babu, babulo litazima, kuti Lachinayi musadzayambe kufunafuna pomangirira. Laputopu ikhale yodzaza moto pofika 2 koloko. Holida ndidzaifuna Lachisanu madzulo, Loweruka ndili ndi chinkhoswe ku Ekwendeni.